Uthenga wa adimini asanafufute mauthenga akale

Gulu la WhatsApp la banki mkhonde likatha chaka, limadzaza ndi zithunzi za malisiti ndi mavidiyo, mpaka mafoni ena amakana kulandira zatsopano. Apa adimini ayenera kuchenjeza anthu asanakhudze kanthu.

Chofunika kudziwa nchakuti adimini sangafufute mauthenga akale m'mafoni a anzake. Batani la "Delete for everyone" limagwira pa uthenga wa masiku awiri okha apitawa. Zakale aliyense amachotsa yekha. Choncho uthenga wabwino umatchula tsiku, chifukwa, ndi zoyenera kusunga:

"Amayi ndi abambo, gulu lathu ladzaza. Pofika Loweruka, aliyense asunge malisiti a ngongole yake poika nyenyezi pa uthengawo. Kenako dinani 'Clear chat', koma musachotse mauthenga okhala ndi nyenyezi. Kuyambira Lamlungu ndidzatsegula 'Disappearing messages' ya masiku 90. Izi zidzakhudza mauthenga atsopano okha."

Chiganizo chomalizacho nchofunika kwambiri. Popanda icho, mayi amene akubwezabe ngongole amagona ndi mantha kuti umboni wake wapita, ndipo ena amayamba kukayikira kuti msungichuma akubisa kanthu.