Chokoleti, mphoto za Nobel ndi madontho a pa girafu

Mu Okutobala 2012, magazini yotchuka ya zachipatala ya ku America, New England Journal of Medicine, inatulutsa nkhani yaifupi imene inamveka patali. Anailemba ndi Franz Messerli, dokotala wa matenda a mtima wochokera ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku New York. Iye anatenga mayiko 23, ndipo pa dziko lililonse anafufuza zinthu ziwiri: makilogalamu a chokoleti amene munthu mmodzi amadya pa chaka, ndi chiwerengero cha anthu amene analandirapo mphoto ya Nobel pa anthu 10 miliyoni alionse a dzikolo. Zimene anapeza n'zakuti mayiko okonda chokoleti ndi omwenso ali ndi anthu ambiri olandira mphotoyo. Nkhaniyo anailemba monga ngati akuseleula, koma masamu ake anali enieni, ndipo ndi abwino kuphunzirirapo kuwerenga girafu ya madontho.

Kajambulidwe kake n'kosavuta. Pansi pa pepala mumalemba mzere wopingasa, n'kuikapo manambala a chinthu choyamba, apa ndiye makilogalamu a chokoleti. Kumanzere mumalemba mzere woimirira wa chinthu chachiwiri, apa ndiye mphoto. Dziko lililonse limakhala dontho limodzi. Kuti mupeze malo ake, mumayenda cha kumanja mpaka pa makilogalamu ake, kenako n'kukwera mpaka pa mphoto zake. Pa girafu ya Messerli, China inali pansi penipeni cha kumanzere, poti chokoleti n'chochepa ndipo mphoto pa anthu 10 miliyoni alionse n'zochepanso. Switzerland inali pamwamba cha kumanja. Mayiko enawo anandanda pakati, mokwera kuchoka kumanzere kupita kumanja.

Madontho akandanda chotere, odziwa masamu amadutsitsa pakati pake mzere wowongoka woonetsa kumene zinthu zikulowera. Mzerewu sulumikiza madontho limodzilimodzi, ndipo n'zotheka kuti usakhudze dontho ngakhale limodzi. Sajambulidwanso mongoyerekeza ndi maso. Pa mzere uliwonse umene mungayese, mumayeza mpata wa pakati pa dontho ndi mzerewo, mokwera kapena motsika, n'kuchulukitsa mpatawo ndi iwo womwe, kenako n'kuphatikiza zotsatira za madontho onse. Mzere umene ukupereka chiwerengero chochepa koposa ndiwo umasankhidwa. Masiku ano kompyuta imachita zimenezi m'kuphethira kwa diso, ndipo vuto lili pomwepo: imakupatsani mzere ngakhale madonthowo atamwazika opanda dongosolo lililonse. Kuona mzere pa girafu si umboni wakuti pali mgwirizano.

N'chifukwa chake pamafunika nambala yachiwiri, yonena mmene madontho akukakamirira pa mzerewo. Nambalayi imalembedwa ndi chilembo r, ndipo amene anaikhazikitsa bwino ndi Karl Pearson wa ku Mangalande m'zaka za m'ma 1890, potsatira ntchito ya Francis Galton. Siipitirira 1 ndipo siitsika kuposa −1. Ikakhala 1, madontho onse ali pa mzere wokwera. Ikakhala −1, onse ali pa mzere wotsika, kutanthauza kuti chinthu china chikamakwera chinzake chikutsika. Ikayandikira 0, palibe mzere wowongoka umene ukuoneka. Chizindikiro chochotsera chisakunamizeni kuti mgwirizano ndi wofooka: −0.8 ndi wamphamvu chimodzimodzi ndi 0.8, kungoti mzere ukutsetsereka. Komanso r sanena za kutsetsereka kwa mzerewo. Mzere wokwera pang'onopang'ono ukhoza kukhala ndi r wamkulu kwambiri, bola madontho auyandikire.

Messerli anapeza r wa 0.791, umene ndi waukulu ndithu pa nkhani zokhudza anthu. Mukauchulukitsa ndi iwo womwe mumapeza pafupifupi 0.63, ndipo nambalayi imawerengedwa motere: pa kusiyana konse kwa mphoto pakati pa mayikowa, magawo pafupifupi 63 pa 100 alionse akuyendera limodzi ndi kusiyana kwa chokoleti.

Dontho limodzi linakana kumvera. Anthu a ku Sweden ankadya makilogalamu 6.4 aliyense pa chaka, ndipo malinga ndi mzerewo anayenera kukhala ndi mphoto pafupifupi 14 pa anthu 10 miliyoni alionse. Anali nazo pafupifupi 32. Messerli atachotsa Sweden, r anakwera kufika pa 0.862. Iye anaponyapo mawu akuti mwina oweruza a ku Stockholm, kumene mphoto zambiri za Nobel zimaperekedwa, amakondera kwawo. Kaya n'zoona kaya ayi, taonani mmene dziko limodzi lokha lasunthira nambalayo. Madontho akakhala ochepa, kuchotsa limodzi kapena kuwonjezera limodzi kukhoza kusintha nkhani, ndipo wolemba amene wachotsa dontho osanena chifukwa chake muzimukayikira.

Mu 1973 katswiri wa masamu Francis Anscombe anaonetsa chifukwa chake tiyenera kuona girafu yeniyeniyo m'malo mongomva nambala. Anakonza magulu anayi a madontho 11, onse okhala ndi mzere wofanana ndi r wofanana, pafupifupi 0.82. Gulu loyamba linali lomwazika mwachizolowezi m'mbali mwa mzere. Lachiwiri linali lokhota ngati uta, moti mzere wowongoka sunali woyenera n'komwe. M'gulu lachitatu madontho 10 anali pa mzere wawo wowongoka bwino, koma dontho limodzi losochera linakokera mzere kumbali. M'gulu lachinayi madontho 10 anaunjikana pa nambala imodzi ya mzere wopingasa, ndipo mgwirizano wonsewo unachokera pa dontho limodzi lakutali.

Tsono girafu ya chokoleti ilibe matenda amenewa. Madontho ake akundandadi. Nanga bwanji sitikuthamangira kugolosale kukagulira ana chokoleti mayeso asanayambe?

Choyamba, madonthowo ndi mayiko, si anthu. Messerli sanayeze chokoleti chimene asayansi olandira mphotowo ankadya. N'zotheka kuti mu Switzerland monse amene sankachikonda ndi iwowo. Ziwerengero za chokoleti zinalinso za zaka za posachedwa, pamene mphoto za Nobel zinayamba kuperekedwa mu 1901, choncho ambiri mwa olandirawo anamwalira chokoleti chimenecho chisanadyedwe. Onaninso mayiko amene anasankhidwa: pa 23 aja panalibe la mu Afirika, ngakhale Ivory Coast ndi Ghana, kumene kumachokera koko wopitirira theka wa dziko lonse lapansi.

Koma chachikulu ndi chinthu chachitatu chimene sichikuoneka pa girafu, chomwe chikukankha zinthu ziwirizo nthawi imodzi. Apa ndi chuma. Chokoleti n'chodula, ndipo chimadyedwa kwambiri kumene anthu ali ndi ndalama zotsala akagula zofunika. Mayiko omwewo ndi amene akhala ndi mayunivesite akale, nyumba zofufuzira za zipangizo zokwanira, ndi ndalama zolipira munthu kuti athe zaka zambiri akufufuza funso limodzi. Chuma chikakwera, zonse ziwiri zimakwera, ngakhale kuti sizikhudzana. Mu 2013 ofufuza ena a ku Belgium anaonetsa mfundoyi mwa njira yoseketsa: chiwerengero cha masitolo a mipando a IKEA m'dziko nachonso chimagwirizana mwamphamvu ndi mphoto za Nobel. Palibe amene ananenapo kuti kugula kabati kumanola ubongo.

Kwathu kuno tili nacho chitsanzo chathu. Pali anthu amene amati kudya mango, makamaka osapsa, kumadwalitsa malungo. Si kuti anthuwa saona bwino: mango amachuluka cha pamene mvula ikuyamba, ndipo posakhalitsa odwala malungo amachulukadi m'zipatala. Chachitatu chobisikacho ndi nyengo. Mvula imasiya zithaphwi, udzudzu umaswana, ndipo amene amafalitsa tizilombo ta malungo ndi udzudzuwo, monga Ronald Ross anaonetsera kuyambira mu 1897.

Nthawi zina chimene tikuchiyesa choyambitsa ndicho chotsatira. Tiyerekeze kuti mwajambula midzi, masikito ogawidwa pansi, odwala malungo m'mbali, ndipo madontho akukwera. Wopupuluma anganene kuti masikito akubweretsa malungo, pamene zoona n'zakuti ogawawo anayambira kumene matendawa avuta. Girafu imaoneka chimodzimodzi kaya muvi ukuloza uku kapena uko. Ndiye palinso mwayi chabe: mukayerekeza zinthu mazanamazana ziwiriziwiri, zina zidzagwirizana popanda chifukwa chilichonse.

Ine ndimaona kuti pali ngozi inanso mbali inayo, ya munthu amene wamva zonsezi n'kuyamba kukana umboni uliwonse umene sakuukonda. Nkhani ya fodya ndi khansa ya m'mapapo inakumana nazo zimenezi. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anaonetsa kuti odwala khansayi m'zipatala za ku London anali osuta kwambiri kuposa odwala matenda ena. Ronald Fisher, mmodzi mwa akatswiri aakulu a masamu a ziwerengero pa nthawiyo, anatsutsa. Iye anati mwina pali chibadwa china chimene chimapatsa munthu chibaba cha fodya komanso khansayo, ndiye kuti chachitatu chobisika. Funsolo linali lololeka, ngakhale Fisher mwiniwake anali wosuta kaliwo ndipo analangizako makampani a fodya.

Njira yodalirika yothetsera funso lotere ndi imene Fisher yemweyo analimbikitsa m'zaka za m'ma 1920 pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted: gawani munda m'tizigawo, chitani maere kuti musankhe tothira feteleza ndi tosathira. Maere sadziwa kuti nthaka yachonde ili kuti, choncho zobisika zonse zimagawikana mbali zonse ziwiri, ndipo kusiyana kwakukulu kwa zokolola kukaoneka mukhoza kuloza fetelezayo. Koma simungachite maere kuti anthu ena asute zaka 30.

Doll ndi Hill anadzera kwina. Mu 1951 analembera madokotala a ku Britain kuwafunsa za kasutidwe kawo, ndipo pafupifupi 40,000 anayankha. Kenako anawatsatira chaka ndi chaka. Kusuta kunalembedwa matenda asanabwere, choncho muvi sukanatembenuka. Onse anali a ntchito imodzi, choncho kusiyana kwa chuma kunali kochepa. Amene ankasuta ndudu zambiri pa tsiku ankafa ndi khansayi kwambiri kuposa osuta pang'ono, ndipo kusiyana kwa osuta ndi osasuta kunali kwakukulu moti chibadwa chobisika chikanavutika kukufotokoza. Kwina ofufuza anapeza kuti phula la utsi wa fodya limayambitsa zotupa pa khungu la mbewa. Zotsatira za zaka 50 zitatuluka mu 2004, zinaonetsa kuti madokotala osuta moyo wawo wonse ankafa msanga ndi zaka pafupifupi 10 poyerekeza ndi anzawo osasuta. Amene analeka ali ndi zaka 50 anachepetsa ngoziyo ndi theka, ndipo amene analeka ali ndi zaka 30 anaipewa pafupifupi yonse, chikhalirecho chibadwa chawo sichinasinthe tsiku limene anataya ndudu.