Kalata yoperekera kope loyamba la kanema: nenani kuti mukonza kangati

Wojambula akamaliza kulumikiza kanema wa ukwati, ntchito imaoneka ngati yatha, koma nthawi zambiri mikangano imayambira pomwepo. Mkwatibwi akufuna nyimbo ina, mkwati akuti perekaniperekani watalika, ankhoswe akudandaula kuti malangizo awo adulidwa, ndipo aliyense akuimba foni pa tsiku lake. Wojambula amakonza kasanu kapena kasanu ndi kawiri pa mtengo womwe uja, mpaka amayamba kuzemba mafoni. Zambiri mwa izi zimapeweka ndi kalata yaifupi yomwe imapita limodzi ndi kope loyamba la kanemayo.

Choyamba, kalatayo ifotokoze kuti chimene kasitomala walandira n'chiyani. Kope loyamba lili ngati suti yomwe telala wangoilumikiza kuti muyeze: maonekedwe ake alipo, koma sinapindidwe m'munsi. Akatswiri ambiri amayamba ndi kusanja zithunzi mwa ndondomeko yake, ndipo kukonza mitundu ndi kusalaza mawu amakusiyira kumapeto, chifukwa n'kutaya nthawi kukongoletsa gawo lomwe mawa lichotsedwa. Mukapanda kunena zimenezi, kasitomala amathera mphamvu zake podandaula kuti m'tchalitchi mukuoneka mdima, m'malo moyang'ana ngati anthu ofunika onse alimo.

Kalatayo inenenso mmene angaonere kanemayo. Kanema wa ola limodzi wa 1080p, wotulutsidwa pa 8 Mbps, amakula pafupifupi 3.6 GB, pamene wa 720p pa 2 Mbps amangofika 900 MB. Kwa munthu wogula bandulo, kusiyana kumeneku n'kwakukulu, n'chifukwa chake kope loyamba limatumizidwa laling'ono, pa Google Drive kapena pa fulashi. WhatsApp imapanikiza kanema wotumizidwa mwa nthawi zonse mpaka nkhope zimaoneka mwachimbuuzi, choncho ngati mwagwiritsa ntchito njira imeneyo, nenani kuti kope lomaliza lidzaoneka bwino kuposa limeneli. Fayilo ikhale ndi dzina losasokoneza, monga Ukwati_v1.mp4, ndipo yotsatira idzakhale Ukwati_v2.mp4.

Mtima wa kalatayo ndi ndime yonena za kukonza. Kulemba kuti "tidzakonza kawiri" sikokwanira, pakuti kasitomala ndi wojambula amawerenga mosiyana. Wojambula amaganiza kuti uthenga wa Lolemba ndi ulendo woyamba, wa Lachitatu ndi wachiwiri. Kasitomala amaona kuti akadali pa ulendo woyamba chifukwa sanamalize kulankhula. Choncho kalata itanthauzire: ulendo umodzi ndi mndandanda umodzi wa zosintha zonse, wotumizidwa kamodzi, ndi munthu mmodzi yemwe mbali zonse zamusankha. Mumndandandamo mungakhale zinthu zitatu kapena makumi awiri, umawerengedwabe kamodzi.

Chifukwa chake chili m'kagwiridwe ka ntchitoyo. Kusintha dzina limodzi pa kanema kumatenga mphindi ziwiri mu Premiere Pro kapena DaVinci Resolve, koma pambuyo pake kompyuta iyenera kutulutsanso kanemayo, wojambula amuonerenso kuti atsimikize kuti palibe chasokonekera, kenako amukwezenso pa intaneti. Pa laputopu yofooka, magetsi akuthimathima, limenelo ndi tsiku lathunthu. Zosintha khumi zikabwera pamodzi, njira yonseyi imayendedwa kamodzi. Zikabwera chimodzichimodzi, imayendedwa kakhumi.

Nachi chitsanzo cha kalata yotere, ya kanema wa mphindi 45. Masiku ndi mtengo zomwe zili mmenemo n'zongoyerekeza, aliyense amaika zake.

"Okondeka bambo ndi mayi, zikomo potikhulupirira pa tsiku lanu lalikulu. Takutumizirani kope loyamba la kanema wanu, Ukwati_v1.mp4, la mphindi 45. Mitundu ndi mawu sitinamalize kukonza, ndipo chizindikiro chathu chomwe chili pakona chidzachoka pa kope lomaliza. Panopa tikupempha kuti muonetsetse zinthu zitatu: ndondomeko ya zochitika, kalembedwe ka mayina, ndi nyimbo.

"Monga tinagwirizana, mtengo womwe munalipira ukuphatikiza maulendo awiri okonza. Chonde muonere limodzi ndi onse omwe mukufuna kumva maganizo awo, ndipo mmodzi wa inu atitumizire mndandanda umodzi pasanathe masiku 7. Pa chosintha chilichonse mulembe mphindi ndi sekondi yake. Ife tidzakubwezerani kope lachiwiri pasanathe masiku 5. Ulendo wachiwiri ndi woti mutsimikize zomwe takonza ndi kuwonjezera zing'onozing'ono. Cholakwika chilichonse chochokera kwa ife tidzakonza kwaulere, ndipo sitichiwerengera. Mukafuna ulendo wachitatu, mtengo wake ndi K30,000, ndipo sitidzayamba musanavomereze. Ndife anu, ojambula."

Pempho lolemba mphindi ndi sekondi limapulumutsa nthawi yambiri. Ndemanga yoti "chotsani pamene azakhali akuoneka osasangalala" imamusiya wojambula akusakasaka m'khamu la anthu omwe sawadziwa. Koma yoti "18:42, chotsani masekondi asanu a mayi ovala chitenje chobiriwira" amaigwira nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso "32:10, dzina la mudzi lalembedwa molakwika", limodzi ndi kalembedwe koyenera. Nthawi zimenezi zimagwira pa kope limodzi lokha: mukachotsa masekondi makumi atatu koyambirira, zonse zam'mbuyo mwake zimasuntha. N'chifukwa chake mndandanda uzitchula dzina la fayilo yomwe anaonera.

Mawu onena za zolakwika za wojambula ndi amene amachititsa kuti malirewo asaoneke ngati nkhanza. Ngati kasitomala anapereka dzina lolondola koma wojambula walilemba molakwika, kapena mawu akutsalira m'mbuyo mwa milomo ya wolankhula, limenelo si vuto la kasitomala, ndipo lisamudyere ulendo wake. Koma ngati mndandanda wa mayina unabwera wolakwika kuchokera ku komiti ya ukwati, kukonzako kumawerengedwa.

Palinso zopempha zomwe si kukonza konse, koma ntchito yatsopano, ndipo ndi bwino kuzitchula msanga. Kusintha nyimbo ya gawo lomwe anthu akuvina kumamveka kophweka, koma wojambula anadula zithunzi motsatira kugunda kwa nyimbo yakale, ndiye gawo lonselo liyenera kusanjidwanso. N'chifukwa chake kalata ija ikupempha kuti nyimbo ziunikidwe pa ulendo woyamba, osati wachiwiri. Kupempha kanema wina waufupi woimirira woti aike pa TikTok, kapena mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi kuti achibale akunja amve, ndi ntchito zina zokhala ndi mtengo wake. Ndipo chomwe kamera sinajambule, kukonza sikungachibweretse: ngati agogo sanajambulidwe akupereka mphatso, wojambula anene mosabisa pa yankho lake loyamba.

Chiwerengero cha maulendo chisamvekere koyamba m'kalata imeneyi. Chiyenera kukhala m'mgwirizano womwe munapanga musananyamule kamera, ngakhale utakhala uthenga wa pa foni womwe kasitomala anayankha kuti wavomera. Mawu oti "monga tinagwirizana" amagwira ntchito pokhapokha ngati mgwirizanowo unalipodi. Ngati simunakambirane, musaike malire mokakamiza. Lembani kuti mukuganiza zokonza kawiri ndipo mupemphe kuti avomereze asanatumize mndandanda wawo.

Kope lachiwiri likamapita, kalata yake ibwereze mndandanda uja, kusonyeza chomwe chachitika pa mfundo iliyonse ndi chifukwa cha zomwe sizinatheke, kenako inene kuti watsala ulendo umodzi. Kasitomala akavomereza molemba kuti wakhutira, m'pamene wojambula amamaliza mitundu ndi mawu, kuchotsa chizindikiro chija, ndi kupereka kanema wa 1080p ndalama zotsala zikalowa.