Jakisoni wa maola 72 amene amateteza mwana wotsatira

Pa sikelo ya amayi oyembekezera, namwino akatenga magazi, ambiri amaganiza za HIV, chindoko ndi kuchuluka kwa magazi m'thupi. Koma palinso chinthu china choyenera kulembedwa m'buku la kuchipatala, chomwe ndi gulu la magazi: A, B, AB kapena O, kutsogolo kwake kuli kachizindikiro ka + kapena ka −. Kachizindikiroko kamanena za Rh, puloteni yokhala pa maselo ofiira a magazi, yomwe Karl Landsteiner ndi Alexander Wiener adailengeza mu 1940. Amene ali nayo ndi pozitivi, amene alibe ndi negetivi. Kukhala negetivi si matenda.

Chifukwa choyamba choyezera n'chodziwikiratu. Mayi akataya magazi ambiri pobereka, achipatala amafunika kudziwiratu magazi omwe angamuwonjezere, makamaka popeza anthu a negetivi ndi ochepa kuno ndipo magazi awo sapezeka msanga. Chifukwa chachiwiri ndi chimene mabanja ambiri sachidziwa.

Tiyerekeze mayi wa O negetivi amene mwamuna wake ndi pozitivi, ndipo mwana watengera bambo. Pa nthawi ya mimba, nsengwa kawirikawiri imalekanitsa magazi a mayi ndi a mwana. Koma pobereka, nsengwa ikamachoka, timagazi ta mwana timalowa m'thupi la mayi. Thupilo limaona Rh ngati mdani wolowerera, n'kuyamba kupanga asilikali olimbana nayo. Mwana woyambayo nthawi zambiri amatuluka bwinobwino, chifukwa asilikaliwo akamakonzeka iye amakhala ali kale kumsana.

Thupi siliiwala. Pa mimba yachiwiri, ngati mwanayo alinso pozitivi, asilikali aja amadutsa pa nsengwa n'kuyamba kuswa maselo ofiira a mwana. Magazi ake amachepa, mtima umatopa, ndipo zikafika poipa thupi limadzaza madzi mpaka kufera m'mimba. Akabadwa wamoyo, maselo oswekawo amasiya utoto wachikasu womwe chiwindi cha khanda sichingathe kuchotsa msanga. Makanda ambiri amachita chikasu pang'ono pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, koma chikasu chooneka pasanathe maola 24 si chodikira nacho. Khanda likayamba kugona kwambiri, kukana bere, kulira mokuwa kapena kupindikira kumbuyo, ndiye kuti utotowo wayamba kuwononga ubongo, ndipo lingatsale logontha kapena lopuwala. Kuchipatala amaligoneka pansi pa nyali yapadera ya buluu, ndipo zikavuta amalisintha magazi pang'onopang'ono.

Apa m'pamene mawu akuti "magazi awo sagwirizana" amapasula mabanja, ena n'kumalozana zala za ufiti. Palibe wolakwa. Ndipo si mwana aliyense wa banja lotere amene amakhudzidwa: ngati bambo adatengera Rh kwa kholo limodzi lokha, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana akhale negetivi ndi theka.

Njira yopewera idayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1968. Ndi jakisoni wa anti-D, yemwe amachotsa timagazi ta mwana thupi la mayi lisanatizindikire. Amabayidwa pasanathe maola 72 mayi atabereka mwana wa pozitivi, ndipo komwe mankhwalawa alipo okwanira, amaperekanso mimba ili pa masabata 28. Amafunikanso mayi akapita padera, mimba ikakhala kunja kwa chiberekero, akataya magazi ali woyembekezera, kapena akamenyetsa mimba pangozi. Ambiri amaphonya pa padera pamenepa, chifukwa zikachitikira kunyumba nkhani imathera kwa anakubala.

Jakisoniyu amangoteteza, sachiritsa. Asilikali akapangika kale, sangawafafanize, ndipo n'chifukwa chake mayi wa negetivi amayezedwanso magazi mwa njira ya Coombs kuti aone ngati alipo. Akapezeka, mimbayo imafunika kuyang'aniridwa ku chipatala chachikulu, komwe kuli makina ounikira, nyali ija ndi magazi osungidwa.

Kusiyana kwa magulu a A, B ndi O nakonso kumabweretsa chikasu, makamaka mayi akakhala O ndipo mwana ndi A kapena B. Kumeneku kungagwire ngakhale mwana woyamba, koma kawirikawiri sikufika poopsa, ndipo anti-D sathandizapo.

Si chipatala chilichonse chimene chimasunga anti-D, ndipo mtengo wake ndi wokwera, choncho kuyamba kumufunafuna mwana atabadwa kale n'kuchedwa. Amayi, tsegulani buku lanu la kusikelo lero. Ngati gulu la magazi silinalembedwe, funsani namwino. Ngati muli negetivi, funsani komwe jakisoniyo akapezeke mwezi wanu usanakwane.