Zowerenga 30, mitu inayi: mmene ophunzira amasanjira kafukufuku wa anzawo

Aliyense wolemba kafukufuku wa digiri payunivesite amafika pa chaputala chounika zomwe ena adalemba kale, chomwe nthawi zambiri chimakhala chachiwiri. Ambiri amachilemba ngati kaundula wa anthu: uje adapeza chakuti, ujeni adapeza chakuti, ndime iliyonse ndi mwini wake. Supavaiza akawerenga amabweza pepalalo ndi funso limodzi: nanga onsewa pamodzi akutiuza chiyani?

M'chaka cha 2002, Jane Webster ndi Richard Watson adalemba kuti chaputalachi chiziyenda motsata mfundo, osati motsata olemba. Njira yomwe adapereka ndi tebulo: zowerenga zimandandalikidwa chotsika kumanzere, mitu imalembedwa chopingasa pamwamba. Tebuloli lingajambulidwe mu Excel ngakhale papepala lalikulu.

Tiyerekeze kuti wophunzira wasonkhanitsa zowerenga 30 pa funso lakuti: n'chifukwa chiyani atsikana amasiyira sukulu panjira m'Malawi? Asayambe n'kupeka mitu. Awerenge kaye zowerenga khumi, ndipo pa chilichonse alembe chaka, dera, njira yomwe kafukufukuyo adachitikira, ndi zomwe adapeza m'mawu akeake, osaiwala nambala ya tsamba. Chopezeka chilichonse chikhale pamzere wakewake. Akatero adzaona kuti mfundo zina zikubwerezabwereza: kusowa ndalama pakhomo, mimba ndi maukwati a ana, mtunda wopita kusukulu, komanso mmene sukuluyo ilili, monga kuchepa kwa zimbudzi. Imeneyi ndiyo mitu inayi yoyambira, ndipo zowerenga 20 zotsalazo zidzaitsimikiza kapena kuisintha.

Chosanjidwa si pepala lathunthu ayi, koma zopezeka zake. Pepala limodzi likhoza kulowa m'mitu iwiri. Chitsanzo ndi kafukufuku wa ku Zomba yemwe Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler adasindikiza mu 2011. Iwo adayerekeza atsikana olandira ndalama pokhapokha ngati akupita kusukulu ndi atsikana olandira popanda lamulo lililonse. Ndalama za lamulo zija ndizo zidathandiza kwambiri kuti atsikana akhalebe pasukulu, pamene ndalama zopanda lamulo zidachepetsa mimba ndi maukwati. Chopezeka choyambacho chipite pa mutu wa ndalama, chachiwiricho pa mutu wa mimba ndi maukwati. Amene waponya pepala lonseli m'bokosi limodzi wataya theka la phindu lake.

Polemba, ndime iliyonse iyambe ndi mfundo ya mutuwo, maina abwere pambuyo ngati mboni. Wophunzira anene kaye kuti ofufuza ambiri amagwirizana kuti umphawi umachotsa atsikana pasukulu, atchule olembawo pamodzi, kenaka afotokoze pomwe akusiyana. Apa mpamene tebulo limaonetsa ntchito yake, chifukwa kusiyanako kawirikawiri kumachokera ku chaka, dera kapena njira. Malawi idathetsa fizi ya kupulayimale mu 1994. Choncho pepala lofufuza zaka za m'mbuyo mwa chakachi likamati ndalama ndi vuto, likhoza kukhala likunena za fizi, pamene la pambuyo pake likunena za yunifomu, makope ndi zopereka zina. Awiriwa sakutsutsana, akunena za nyengo zosiyana. Chimodzimodzinso zokamba za maukwati: lamulo la 2015 lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo zolembedwa lamuloli lisanabwere ziwerengedwe poganizira zimenezo.

Tebulo lomwelo limaululanso zolakwika. Mutu womwe uli ndi pepala limodzi lokha sunakwane kukhala mutu: uphatikizidwe ndi wina, kapena wophunzira akafufuzenso kulaibulale. Akafufuza mokwanira n'kupeza kuti zolembedwa n'zochepadi, ndiye kuti wapeza mpata womwe kafukufuku wake angatseke. Mutu womwe wameza zowerenga 25 mwa 30 wakula mopyola, ugawidwe. "Umphawi" ungagawidwe pawiri: ndalama zolipira kusukulu, ndi maganyu omwe mwana amagwira kuti banja lidye. Mutu wotchedwa "zina ndi zina" ndi chizindikiro chakuti kusanja sikudathe. Ndipo chowerenga chomwe chakana kulowa paliponse mwina sichikuyankha funso la kafukufukuyo, chichotsedwe ngakhale chidatenga nthawi kuchiwerenga.

Njirayi ili ndi malire ake. Kuika maina asanu pambuyo pa mfundo imodzi kumabisa kuti wina adafunsa atsikana ochepa pasukulu imodzi pamene wina adatsata atsikana a m'boma lonse kwa zaka zingapo. Wolemba anene poyera umboni womwe uli wolemera kuposa unzake.

Chaputala chisanapite kwa supavaiza, wophunzira awerenge chiganizo choyamba cha ndime iliyonse motsatizana. Ngati ziganizozo zikuyamba ndi maina ndi zaka, abwerere ku tebulo. Ngati pazokha zikufotokoza chomwe chikudziwika, chomwe ofufuza akutsutsirana ndi chomwe sichinafufuzidwe, chaputalacho chakonzeka.