Imelo ya malonda a mwezi: zomwe abwana akufuna kuwerenga

Mwezi ukatha, oyang'anira malonda m'makampani ambiri amayenera kulembera dayirekitala wawo imelo yofotokoza mmene malonda ayendera. Ambiri amangomata fayilo ya Excel n'kulemba kuti lipoti ndi limenelo. Ena amalemba masamba atatu osimba misonkhano ndi maulendo. Njira zonse ziwirizi zimamusiya dayirekitala ali ndi mafunso omwe anali nawo asanatsegule imeloyo: tagulitsa zingati, n'chifukwa chiyani zatero, nanga ine ndichitepo chiyani? Imelo yabwino imayankha mafunso atatuwa m'mizere yoti munthu n'kuiwerenga pafoni asanalowe mumsonkhano wina.

Tiyerekeze kuti mukuyang'anira depoti ya ku Mzuzu yogulitsa mafuta ophikira, shuga ndi sopo kwa eni magolosale, ndipo abwana anu ali ku likulu ku Blantyre. Manambala ali m'munsiwa ndi ongopeka kuti tiphunzirirepo. Mu Juni mwagulitsa katundu wa K46 miliyoni. Nambala imeneyi payokha siinena kanthu, mpaka mutaiika pambali pa zinzake zitatu. Yoyamba ndi tageti: munauzidwa kuti mufike K50 miliyoni, choncho mwakwanitsa 92 peresenti ndipo mwaperewera K4 miliyoni. Yachiwiri ndi mwezi wapitawo: mu Meyi munagulitsa K44 miliyoni. Yachitatu ndi Juni wa chaka chatha, pamene munagulitsa K40 miliyoni.

Mwa zitatuzi, ya chaka chatha ndiyo yofunika kwambiri kuno kwathu, chifukwa malonda amayenda ndi nyengo. Anthu akakolola ndipo misika ya fodya ikatsegulidwa, ndalama zimapezeka m'matumba; mu Januwale ndi Febuluwale zimasowa. Kuyerekeza Juni ndi Febuluwale kungakupatseni chimwemwe chabodza, pomwe Juni ndi Juni mnzake amafanana nyengo. Kuwerengera kwake n'kosavuta: chotsani nambala yakale pa yatsopano, gawani ndi yakaleyo, kenaka chulukitsani ndi 100. Apa K6 miliyoni kugawa ndi K40 miliyoni zikupereka 15 peresenti.

Musanathamangire kulemba kuti malonda akwera ndi 15 peresenti, werengani makatoni. Chaka chatha munagulitsa makatoni 1,000 a mafuta pa K20,000 iliyonse, n'kupeza K20 miliyoni. Chaka chino mwagulitsa makatoni 880 pa K25,000, n'kupeza K22 miliyoni. Ndalama zakwera ndi 10 peresenti, koma katundu wotuluka pakhomo watsika ndi 12 peresenti. Chakwera ndi mtengo chabe. Aliyense amene anagulitsako katundu kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti ndalama zikhoza kuchuluka m'mabuku pamene makasitomala akugula zochepa. N'chifukwa chake pa katundu amene amabweretsa ndalama zambiri muyenera kulemba zonse ziwiri, makwacha ndi makatoni.

Palinso zinthu ziwiri zimene zimatupitsa nambala. China ndi msonkho wa VAT. Ndalama imeneyi ndi ya boma, kampani imangoitolera n'kukaipereka ku MRA, choncho ichotseni, pamodzi ndi katundu amene makasitomala abweza, ndipo nenani m'imelomo kuti mwatero. China ndi ngongole. Ngati pa K46 miliyoni ija katundu wa K12 miliyoni watuluka pangongole, ndalama za malonda a Juni zimene zalowa ndi K34 miliyoni zokha. Dayirekitala amalipira antchito ndi ndalama zomwe zili kubanki, osati ndi mainivoisi. Muuzeni kuchuluka kwa ngongole zimene zadutsa masiku ake ndi amene akuzisunga.

Tsopano chifukwa. Mawu akuti "chuma chavuta" sathandiza, popeza chavutira aliyense, ndi opikisana nanu omwe. Chifukwa chenicheni chimakhala ndi tsiku ndi muyeso. M'chitsanzo chathu, mafuta a malita awiri anatha m'depoti kuyambira pa 11 mpaka pa 19 Juni. Mumagulitsa makatoni pafupifupi 13 a mtundu umenewu patsiku, ndiye kuti m'masiku 9 mwataya makatoni pafupifupi 120, omwe ndi K3 miliyoni. Izi zikufotokoza mbali yaikulu ya K4 miliyoni yoperewera ija, ndipo zikusonyezanso pomwe pali mankhwala ake.

Imelo yonse ikhoza kuoneka motere. Pamutu lembani: "Malonda a Juni, depoti ya Mzuzu: K46 miliyoni, 92 peresenti ya tageti". M'kati mwake:

"Abwana, mu Juni tagulitsa katundu wa K46 miliyoni, titachotsa VAT ndi katundu wobwezedwa. Taperewera K4 miliyoni pa tageti. Mu Meyi tinagulitsa K44 miliyoni, ndipo Juni wa chaka chatha K40 miliyoni. Kukweraku n'kwa mitengo: makatoni a mafuta atsika kuchoka pa 1,000 kufika pa 880. Mafuta a malita awiri anatithera kuyambira pa 11 mpaka pa 19, ndipo tikuyerekeza kuti tataya K3 miliyoni. Ngongole zodutsa masiku 30 zafika K7 miliyoni, ndipo K5 miliyoni mwa izi ili ndi magolosale awiri okha.

"Ndikupempha kuti muvomereze zinthu ziwiri pofika Lachisanu. Choyamba, makatoni 200 owonjezera a malita awiri afike kuno pasanafike pa 10 Julayi. Chachiwiri, magolosale awiri aja asapatsidwenso katundu pangongole mpaka atalipira theka. Ndikakumana nawo ndekha pasanafike pa 12 Julayi ndipo ndidzakuuzani zotsatira. Katunduyu akafika nthawi yake, ndikuyembekeza K49 miliyoni mu Julayi. Tsatanetsatane ali m'fayilo yomwe ndamata."

Onani kuti nkhani yoipa yabwera koyambirira. Kuibisa kumapeto sikuteteza wolemba, chifukwa a zachuma ali ndi manambala omwewo ndipo abwana adzaimva ndithu. Onaninso kusiyana kwa "tagulitsa" ndi "tikuyerekeza": choyamba chili m'mabuku, chachiwiri ndi kuganiza kwanu, ndipo wowerenga ayenera kudziwa kuti ichi ndi chiti.

Gawo la zoti zichitike ndi limene ambiri amalephera. Amalemba kuti "tilimbikira kwambiri mwezi uno", mawu amene palibe angawavomereze kapena kuwakana. Ganizo lililonse linene chochita, wochita ndi tsiku, ndipo lichokere pa vuto lomwe manambala aonetsa. Maganizo awiri kapena atatu ndi okwanira. Akachuluka, dayirekitala amasiya onse kuti adzawaone mawa.

Musanatumize, funsani a zachuma ngati nambala yanu ikugwirizana ndi yawo. Kawirikawiri zimasiyana chifukwa inu mwawerengera maoda amene sanatuluke, kapena inivoisi ya pa 1 Julayi yalowa mu Juni. Tsatirani ndondomeko imodzimodzi mwezi uliwonse ndipo tumizani m'masiku oyambirira a mwezi, nthawi yokonza zinthu ikadalipo. Mwezi wotsatirawo nenaninso mmene zomwe munalonjeza zayendera: makatoni aja anafika liti, ndipo magolosale aja alipira zingati. Ngati dayirekitala atawerenga imelo yanu akuimbabe foni kufunsa chimene mukufuna kuti achite, ilembeninso.