Wasaina ndi mmodzi, ngongole ndi ya onse: funso lovuta pa mayeso a zamalamulo

Ophunzira zamalamulo ndi zowerengera ndalama amalidziwa funso ili, chifukwa silikhalitsa osabwera pa mayeso. Limabwera ngati nkhani. Anthu atatu, A, B ndi C, ali ndi shopu yogulitsa zipangizo zomangira nyumba: simenti, malata, misomali ndi penti. Sadalembetse kampani, adangosonkha mpamba nkugwirizana kuti phindu azigawana. M'pangano lawo adalembamo kuti aliyense asatenge katundu pangongole woposa K5 miliyoni anzake awiriwo asanasaine.

Tsiku lina C, osauza anzake, adapita ku holoselo nkutenga simenti ya K12 miliyoni pangongole m'dzina la shopuyo. Sabata yomweyo adagulanso minibasi ya K20 miliyoni, nayonso pangongole, m'dzina lomwelo. Simenti ija adaigulitsa kumbali, ndalama nkudya, iye nkusowa. Tsopano mwini holoselo ndi wogulitsa minibasi aima pakhomo pa shopu, akufuna ndalama zawo. Funso limatha ndi mawu akuti langizani A ndi B.

Ophunzira ambiri amathamangira ku pangano lija. Amalemba kuti C adaphwanya zomwe adagwirizana, choncho ngongole zonse ndi zake, A ndi B sizikuwakhudza. Yankho lotere limamveka lachilungamo, koma ndi pomwe mamalikisi amatayikira. Lamulo siliyang'ana nkhaniyi litaima m'kati mwa shopu momwe muli pangano. Limaima panja, pomwe padaima mwini holoselo tsiku lomwe ankapereka simenti, nkufunsa zomwe munthu wanzeru zake akadaona ali pamenepo.

Gwero la mfundoyi ndi lamulo la ku Britain la 1890 lokhudza anthu ochitira bizinesi pamodzi, lomwe maiko ambiri amene adalamulidwa ndi Angerezi adatengera, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia. Gawo 5 la lamulo la 1890 limaika aliyense wa eni bizinesi yotere ngati nthumwi ya bizinesiyo komanso ya anzake. Nthumwi ikachita zomwe idatumidwa, womangidwa ndi amene adaituma. Izi sizivuta pamene mphamvu zilipodi, monga C akadatenga simenti ya K4 miliyoni. Nkhani imakula pamene mphamvu palibe, koma wakunja akuona ngati zilipo. Zimenezi ndiye mphamvu zooneka. Eni shopu atangotsegula chitseko nkuyamba kugulitsa simenti ali atatu, adauza dziko lonse, ngakhale sadayankhule, kuti aliyense wa iwo angathe kuchita zomwe ogulitsa simenti amachita masiku onse.

Wophunzira wochenjera amayenda ndi mafunso atatu, limodzi limodzi. Loyamba: kodi zomwe C adachita ndi za mtundu wa bizinesi yomwe anthuwa amachita? Lachiwiri: kodi adazichita m'njira yomwe mabizinesi otere amachitira nthawi zonse? Lachitatu: kodi wakunjayo ankadziwa kuti C alibe mphamvu, kapena sankadziwa nkomwe kuti C ndi mmodzi wa eni ake? Mayankho a mafunso awiri oyamba akakhala inde, ndipo la lachitatu nkukhala ayi, bizinesi yonse yamangidwa.

Mlandu womwe oyesa mayeso amayembekeza kuuona pa pepala ndi wa kampani ya Mercantile Credit ndi bambo Garrod, womwe udagamulidwa ku England mu 1962. Garrod ndi mnzake Parkin adali ndi bizinesi yobwereketsa magalaja osungiramo galimoto komanso kukonza galimoto. Parkin ndiye ankayendetsa zonse, Garrod sankalowerera pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Pangano lawo lidaletsa kugula ndi kugulitsa galimoto. Komabe Parkin adagulitsa galimoto kwa kampaniyo pa mtengo wa mapaundi 700, ndipo zidadziwika pambuyo pake kuti galimotoyo adalibe nayo umwini. Kampaniyo itafuna ndalama zake kwa Garrod, iye adaloza pangano lija. Woweruza Mocatta adagamula kuti Garrod alipire. Chifukwa chake chidali chakuti munthu wakunja akaona galaja, sadabwa kumva kuti akugulitsapo galimoto, ndipo kampaniyo sinkadziwa za chiletso cha m'panganolo.

Mlanduwu ukuphunzitsa kuti funso loyamba lija siliyezedwa ndi zomwe eni ake adagwirizana, ngakhalenso zomwe iwo okha amachita, koma ndi zomwe mabizinesi a mtundu umenewo amadziwika nazo.

Tiyeni tibwerere ku simenti. Kugula simenti yoti igulitsidwe ndi mtima weniweni wa shopu ya zomangira, choncho funso loyamba layankhidwa. Kupikula katundu pangongole ku holoselo ndi momwe mashopu otere amachitira, choncho lachiwiri nalo layankhidwa. Apa wophunzira aonjezere kuti kuchuluka kwa katundu nako kumaunikidwa. Shopu yomwe imatenga matumba 200 pa mwezi ikafuna mwadzidzidzi matumba 5,000, usiku, nkunena kuti akatsitsidwe kunyumba kwa C, mwini holoselo ayenera kukayika nkufunsa. Akapanda kufunsa, nkovuta kuti adzanene kuti zonse zidayenda mwa nthawi zonse. Koma ngati shopuyo idazolowera kutenga katundu wa mamiliyoni angapo, K12 miliyoni siyodabwitsa.

Chatsala ndi funso lachitatu, ndipo apa ndi pomwe pangano lija limalowa. Gawo 8 la lamulo lomwelo limalola eni bizinesi kuchepetsana mphamvu, koma chiletsocho chimagwira munthu wakunja yekhayo amene adachidziwa. Pangano lomwe lili m'dilowa ya shopu mwini holoselo sadalionepo. Choncho ngati funso silikunena kuti adauzidwa, yankho ndi lakuti A ndi B alipira K12 miliyoni, ngakhale sadaone thumba ndi limodzi lomwe. Kuti C adadya ndalamazo sizisintha kanthu, chifukwa mwini holoselo sakadadziwa za mumtima mwake.

Oyesa mayeso amakonda kubisa chiganizo chimodzi chomwe chimatembenuza yankho lonse. Mwina alemba kuti miyezi iwiri m'mbuyomo A adatumiza kalata ku holoselo yonena za malire a K5 miliyoni. Zikatero mwini holoselo ankadziwa, ndipo ndalama zake akazifune kwa C yekha. Mwinanso alemba kuti mwini holoselo ankayesa kuti C akugula payekha, osadziwa kuti ali ndi anzake. Pamenepo mawu a gawo 5 amamutsekera njira yofikira A ndi B, pakuti sangati adadalira bizinesi yomwe sankadziwa kuti C ali m'menemo. Nchifukwa chake funsoli limafuna kuliwerenga kawiri, pensulo ili m'manja, kufunafuna zomwe wakunjayo ankadziwa ndi tsiku lomwe adazidziwa.

Nanga minibasi? Iyi imagwa pa funso loyamba lomwe. Kunyamula anthu si ntchito ya shopu ya zomangira, ndipo palibe amene angaone milu ya malata nkuganiza kuti eni ake amagulanso maminibasi. Gawo 7 limati mmodzi akatenga ngongole m'dzina la bizinesi pa chinthu chooneka kuti sichikukhudzana ndi ntchito yake, bizinesiyo siimangidwa pokhapokha anzake atamuloleza mwapadera. Wogulitsa minibasi angadandaule kuti C adamutsimikizira kuti anzake avomera. Zimenezo sizimuthandiza. Nthumwi siingadzipatse yokha mphamvu ndi pakamwa pake; chithunzi chakuti ili ndi mphamvu chiyenera kuchokera kwa oituma. Mfundoyi adailongosola bwino woweruza Diplock mu 1964 pa mlandu wa Freeman ndi Lockyer, ndipo kuutchula kumalimbitsa yankho. Ikadakhala lole yonyamulira simenti, nkhani ikadakhala ndi mbali ziwiri, ndipo wophunzira akadayenera kuyeza zonse asanagamule.

Pali msampha wina womwe A ndi B angagweremo okha. Atamva za minibasi, akaiika pamsewu nkuyamba kulandira ndalama za tsiku ndi tsiku, ndiye kuti avomereza pambuyo zomwe C adachita, ndipo ngongole ya K20 miliyoni yasanduka yawo ngati kuti adamutuma kuyambira pachiyambi. Malangizo abwino ndi akuti akane mwachangu, polemba kalata, ndipo galimotoyo asaikhudze.

Yankho silithera pa mawu akuti bizinesi yamangidwa. Liyenera kunena tanthauzo lake m'thumba la munthu. Bizinesi yotere siili ngati kampani yolembetsedwa yomwe ngongole zake zimathera pa chuma cha kampaniyo. Gawo 9 limaika ngongole pa eni ake onse pamodzi, ndipo katundu wa m'shopu akaperewera, wokongoza atha kufika pa galimoto, ziweto ngakhale nyumba ya A kapena B. Akuluakulu adati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo pano mwambiwu ukugwira ndendende. Chowatonthoza nchakuti angathe kumusumira C kuti awabwezere zomwe alipira, popeza adaphwanya pangano. Apa ndi pomwe pepala la m'dilowa lija lili ndi mphamvu zonse: pakati pa eni ake atatuwo. Vuto ndi lakuti munthu wothawa ndi ndalama kawirikawiri sapezeka ali ndi chobweza.

Ena amaona ngati lamuloli likulanga osalakwa. Koma taonani amene atsala pabwalo: mwini holoselo, A ndi B, onse osalakwa, ndipo wina ayenera kuluza. Amene adasankha C, nkumukhulupirira, nkumuika patsogolo pa makasitomala ndi A ndi B. Iwo akadatha kuchenjeza holoselo ndi kalata imodzi, pomwe mwini holoselo sakadatha kulota za pangano lomwe sadalione. Lamulo limasenzetsa katunduyo amene adali ndi mpata wopewa ngoziyo, ndipo kutero nkoyenera. Pakadapanda mfundo imeneyi, wogulitsa aliyense bwenzi akufuna masiginecha a eni ake onse asanapereke ngakhale kilogalamu imodzi ya misomali.

Wophunzira akakumana ndi funsoli, agawe zochitikazo chimodzi chimodzi, ayambe waona ngati mphamvu zenizeni zidalipo, kenaka ayendetse mafunso atatu aja pa chilichonse, atchule mlandu woyenera, amalize ndi kunena momveka amene alipire ndi ndalama zingati. Pa nkhani yathuyi, simenti ya K12 miliyoni ndi ya onse atatu, minibasi ndi ya C yekha.

Ndipo inu amene mudasonkha mpamba ndi achibale kapena anzanu, ngati mudaikirana malire, musangowasunga m'dilowa. Lemberani banki yanu ndi onse amene amakupatsani katundu pangongole, asaine kuti kalatayo ailandira, ndipo musunge kope lake. Wina akatuluka m'bizinesi, adziwitseninso, chifukwa kwa amene sadamve, wotulukayo amaonekabe ngati mwini wake.