Woweruka 5 Koloko Achite Bwanji Malonda a Foreksi?

Msika wa ndalama zakunja, womwe ambiri amangoutchula kuti foreksi, umayenda usana ndi usiku kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Koma sikuti maola onse amafanana. Mitengo imagwedezeka kwambiri pamene mabanki a ku London ndi a ku New York ali otsegula nthawi imodzi, ndipo kwa ife a ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, omwe wotchi yathu ndi imodzi, nthawi imeneyo ndi cha m'ma 2 koloko masana mpaka cha m'ma 6 koloko madzulo, kapena kuchedwerapo ndi ola limodzi kukamazizira kumaiko a azungu. Mphunzitsi amakhala akuchonga makope, namwino ali muwodi, kalaliki akutseka mabuku kapena ali pa mzere wa minibasi. Pofika pakhomo, kusamba ndi kudya nsima, msika umakhala wayamba kale kuzizira.

Apa ndi pamene anthu ambiri apantchito amalakwitsira. Amatsegula foni 8 koloko usiku, nkuyika tchati cha makandulo a mphindi zisanu, nkufuna kupeza m'maola awiri zomwe anaziphonya tsiku lonse. Ena amasuzumira foni mobisa pansi pa desiki, nkugula kapena kugulitsa mtima uli m'mwamba poopa abwana. Munthu wolandira malipiro apamwezi safunika kuthamangitsana ndi msika motere. Chomwe akufunika ndi dongosolo lolembedwa, lomwe zisankho zake zonse zimachitika madzulo, ndipo masana limayenda lokha mwiniwake ali pantchito.

Choyamba m'dongosolo limeneli ndi kusankha tchati. Kwa munthu amene amaona msika kamodzi patsiku, tchati chomuyenera ndi chomwe kandulo imodzi imayimira tsiku lathunthu. Pa MetaTrader chimalembedwa kuti D1. Kwa mabroka ambiri, kandulo ya tsiku imatseka 5 koloko madzulo ku New York. Kwathu kuno imeneyo ndi 11 koloko usiku kuyambira m'Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo ndi 12 koloko usiku m'miyezi inayo. Choncho mukakhala pansi hafu pasiti 8, kandulo ya lero imakhala isanatseke, ndipo ikhoza kusintha maonekedwe inu mutagona. Lamulo lake nlakuti muziwerenga makandulo otseka okha, kuthera pa ya dzulo. Ya lero muziyiona pongofuna kudziwa pamene mtengo wafika.

Chachiwiri, musachulutse misika. EUR/USD, womwe ndi mtengo wa yuro pa dola ya ku America, ndi wokwanira poyambira. Ndi umene umagulitsidwa kwambiri padziko lonse, ndipo kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, komwe broka amadyerapo, kumakhala kochepa kuyerekeza ndi misika ina.

Tsono tione m'mene madzulo amodzi amayendera, ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti mayi wina wa ku ofesi ali ndi madola 1,000 mu akaunti yake, ndipo analemba m'kope kuti pa malonda amodzi sadzataya zoposa 1 peresenti, omwe ndi madola 10. Lachiwiri madzulo akutsegula tchati cha D1 cha EUR/USD. Funso lake loyamba ndi lakuti msika ukulowera kuti. Pa tchatipo anayikapo mzere woonetsa avareji ya mtengo pa masiku 50 apitawa. Mtengo uli pamwamba pa mzerewo, ndipo mzerewo ukukwera. Malinga ndi dongosolo lake, akuloledwa kugula kokha. Mtengo ukanakhala kuti ukungodutsadutsa mzerewo, uku mmwamba uku pansi, akanatseka foni nkupitiriza za pakhomo.

Funso lachiwiri ndi lakuti alowera pati. Sakugula chifukwa choti mtengo ukuthamanga, koma amadikira kuti ubwerere m'mbuyo kwa masiku angapo, uyandikire mzere uja, kenako uonetse kuti ogula abwereranso. Kandulo ya dzulo yachita zomwezo: inatsika mpaka 1.0780, nkukwera mpaka 1.0845, nkutsekera kufupi ndi pamwamba. Lero mtengo ukungozungulira pa 1.0830, sunadutse msinkhu wa dzulo. Mayiyu sakugula pomwepo. Akusiya lamulo lodikira lotchedwa Buy Stop pa 1.0850, kutanthauza kuti broka amugulire pokhapokha mtengo utakwera kufika pamenepo. Pamodzi ndi lamuloli akuyika Stop Loss pa 1.0770, pansi pang'ono pa pomwe kandulo ya dzulo inatsikira, ndi Take Profit pa 1.1010. Asanavomereze, akuonetsetsa kuti pamene mtengo unabwererapo ulendo watha, tinene pa 1.1030, ndi patsogolo pa 1.1010. Pakanakhala pa 1.0900, njira ikanakhala yotsekeka ndipo malondawo akanawasiya. Akanapezanso kuti mtengo wadutsa kale 1.0850 masana iye ali kuntchito, sakanauthamangira.

Kayendedwe ka mtengo kamawerengedwa m'mapipu, ndipo pa EUR/USD pipu imodzi ndi 0.0001. Kuchoka pa 1.0850 kutsika pa 1.0770 ndi mapipu 80, pamene kukwera pa 1.1010 ndi mapipu 160. Loti yaing'ono yomwe mabroka ambiri amalola ndi 0.01, yomwe ndi mayuro 1,000, ndipo pa loti imeneyi pipu iliyonse ndi masenti 10 a dola. Zikavuta mayiyu ataya madola 8, zikayenda apeza madola 16. Akanati atenge 0.02, akanaika pachiswe madola 16, kudutsa malire ake a madola 10. Ndiye akutenga 0.01, akuyika tsiku loti lamulolo lifufutike lokha likapanda kugwira pofika Lachinayi usiku, akulemba zonse m'kope pamodzi ndi chifukwa chake, nkutseka. Ntchito yonseyi siposa mphindi 30.

Zili ngati mono wa nsomba, womwe msodzi amatchera madzulo nkukauzonda mawa lake, osakhala pagombe kuulondera. Buy Stop, Stop Loss ndi Take Profit zimasungidwa pa makina a broka, kotero zimagwira ntchito ngakhale magetsi atazima, bandulo itatha kapena foni itathima. Koma Trailing Stop ya pa MetaTrader ndi yosiyana. Iyo imayenda pokhapokha pulogalamuyo ili yotsegula ndiponso yolumikizidwa pa intaneti, choncho munthu wokhala kuntchito tsiku lonse asamaidalire. Madzulo otsatira, ntchito ndi yochepa: kuona ngati lamulo lagwira. Ngati lagwira, Stop Loss siyisunthidwa kupita pansi zivute zitani.

Chitsanzochi chikuululanso chinthu chomwe otsatsa maphunziro a foreksi sakonda kunena. Munthu amene ali ndi madola 200, malire ake a 1 peresenti ndi madola 2 okha, koma loti yaing'onoyo ikufuna kuti avomere kutaya madola 8, omwe ndi 4 peresenti ya ndalama zake zonse. Ambiri amathawa vutoli poyandikiza Stop Loss pa mapipu 20. Koma EUR/USD imatha kuyenda mapipu 50, 70 kapena kuposa pa tsiku wamba, ndipo chida chotchedwa ATR pa tchati cha D1 chimakuonetsani kuti masiku ano ikuyenda mtunda wotani. Stop Loss yofupika kwambiri poyerekeza ndi nambala imeneyo imagundidwa ndi kugwedezeka wamba kwa masana, munthu nkupeza madzulo kuti wataya ngakhale mtengo unapita komwe iye ankaganiza. Zotere zikamachitika kawirikawiri, dziwani kuti akaunti ndi yaing'ono pa tchati chimenechi. Njira yake ndi kukhalabe pa akaunti ya demo, ya ndalama zongoyeserera, kapena kupeza akaunti yolola maloti aang'ono kuposa 0.01.

Pali nthawi zina zomwe dongosolo lanu lizinena poyera kuti lero ayi. Banki yaikulu ya ku America imalengeza za chiwongola dzanja kasanu ndi katatu pachaka, 2 koloko masana ku New York, yomwe kwathu ndi 8 kapena 9 koloko usiku, nthawi yeniyeni yomwe wapantchito wangotsegula foni. Lipoti la pamwezi la ntchito za ku America, lomwe kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, limafika hafu pasiti 2 kapena hafu pasiti 3 masana, inu muli kuntchito. Lamlungu madzulo onani kalendala ya nkhani za chuma, ndipo musatchere lamulo latsopano nkhani zotere zili pafupi. Nkhani ikaphulika, kapena msika ukatsegula pambuyo pa mapeto a sabata, mtengo umatha kulumpha Stop Loss nkukutsekerani patali. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya ku Switzerland itachotsa mwadzidzidzi malire a 1.20 omwe inkatchinjiriza pakati pa yuro ndi ndalama ya dzikolo, anthu ena anataya zoposa zomwe anali nazo mu akaunti, ngakhale anali atayika Stop Loss.

Nanga phindu lake ndi lotani? Tinene kuti mayi uja wachita malonda 10 ofanana ndi aja, wapambana 4 nkuluza 6. Wapeza madola 64, wataya 48, atsala ndi 16. Pamenepo pachokenso zolipira broka, kuphatikizapo kandalama komwe kamadulidwa kapena kuwonjezedwa usiku uliwonse malonda akagonera, komwe kwa mabroka ambiri kamawerengedwa katatu Lachitatu usiku. Pa tchati cha D1 ndi msika umodzi, malonda 10 akhoza kutenga miyezi ingapo. Izi sizilipira lendi kapena fizi ya mwana. Ofuna kufulumira amakweza loti, koma masamu ake ngowawa: kuluza kasanu motsatizana pa 1 peresenti kumachotsa pafupifupi 5 peresenti ya akaunti, pamene pa 10 peresenti kumachotsa 41 peresenti. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya zachuma ku Ulaya, la ESMA, linanena kuti maakaunti 74 mpaka 89 mwa 100 aliwonse a anthu wamba ochita malonda a mtundu umenewu amataya ndalama.

Nchifukwa chake dongosolo limafunikanso mabuleki okhudza malipiro anu. Lembani kuti akaunti ikatsika ndi 5 peresenti m'mwezi umodzi, muyima mpaka mwezi wotsatira. Lembani kuti simudzathiramo ndalama pofuna kubweza zomwe mwaluza, ndiponso kuti ya ngongole, ya katapila kapena ya banki m'khonde sidzalowamo. Musanatumize dola ngakhale imodzi kunja, funsani kubanki yanu zomwe malamulo a ndalama zakunja a dziko lanu akulola, ndipo tsimikizani laisensi ya broka pa tsamba la bungwe lomwe akuti limamuyang'anira, osangokhulupirira chithunzi chotumizidwa pa foni.

Yesani dongosolo lonseli pa demo mpaka mutalemba malonda osachepera 30 m'kope, ndipo pa lililonse muzilembanso ngati munatsata malamulo anu kapena ayi. Kope likaonetsa kuti malamulo mumatsata koma ndalama zikutsikabe, vuto lili m'njira yolowerayo ndipo iyenera kukonzedwa. Likaonetsa kuti mumaswa malamulo, vuto si msika, ndipo nthawi ya ndalama zenizeni sinakwane. Malipiro anu apamwezi ndiwo akudyetsa banja, choncho musawaike pachiswe kope lanu lisanakupatseni umboni.